Mapiritsi a ululu omwe amaumitsa mkodzo ndi kuboola chifu

ULONGWE — Tsiku la msika m'maboma athu a m'malire, kaya ndi kuno ku Angoniya, ku Tsangano kapena ku Zobwe, simungayende mtunda wautali musanaone tebulo lomwe pali sopo, machesi, mabatire ndi timapepala ta mapiritsi. Munthu amafika ndi kunena kuti msana ukundipweteka, wogulitsa amang'amba mapiritsi anayi kapena asanu ndi limodzi, ndalama ikulowa m'thumba ndipo nkhani yathera pomwepo. Palibe amene amafunsa ngati wogulayo ali ndi matenda ena, kapena ngati pali mankhwala ena amene akumwa kale kunyumba.

Ambiri mwa mapiritsi amenewa ndi a mtundu umodzi ngakhale maina awo ndi osiyana. Pali ibupurofeni amene anthu ambiri amamutcha burufeni, pali dikilofenaki, indosidi ndi asipirini. Onsewa ndi pachibale ndipo amagwira ntchito mofanana m'thupi. Parasetamolo, yemwe ena amati panado, sali m'banja limeneli, ndipo za iye tinena kumapeto.

Tinene poyamba kuti awa si mankhwala oipa. Ibupurofeni anatulukiridwa ku Ingalande ndi gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Stewart Adams, anayamba kuperekedwa ndi madokotala a kumeneko mu 1969, ndipo mu 1983 boma la dzikolo linalola kuti azigulidwa popanda kalata ya dokotala. Kwa munthu wamphamvu zake amene wamwa masiku awiri kapena atatu chifukwa cha dzino kapena bondo lotupa, amathandiza ndithu. Koma pali anthu a magulu awiri amene piritsi lomwelo lingathe kuwagoneka m'chipatala: amene impso zawo n'zofooka, ndi amene ali ndi zilonda za m'mimba. Chovuta n'chakuti ambiri mwa iwo sadzidziwa.

Mmene zimayambira pa nthawi yokumba mbatatesi

Tiyeni titenge chitsanzo chomwe anamwino a m'zipatala zathu sangachione chachilendo. Tiyerekeze bambo wa zaka 58, mlimi wa mbatatesi m'mapiri a ku Tsangano. Zaka zingapo zapitazo anam'peza ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambiri kuno timangoti tensau, ndipo mwezi uliwonse amakalandira mapiritsi a mitundu iwiri: enalapirilo ndi idirokolorotiyazida, aja okodzetsa. Iye amamwa mokhulupirika ndipo amadzimva bwino. Chimene sadziwa n'chakuti tensau ya zaka zambiri yadya kale mbali ina ya mphamvu ya impso zake. Impso sizipweteka zikamafooka, ndipo munthu angathe kutaya theka la ntchito yake osamva kanthu kalikonse.

Nthawi yokumba yafika. Atanyamula matumba masiku atatu, msana wagwira. Wapita pa msika, wagula ibupurofeni wa mamiligiramu 400. Piritsi limodzi silinathandize msanga, choncho wayamba kumwa awiri m'mawa, awiri masana, awiri madzulo. Tiwerenge pamodzi: mapiritsi 6 a 400 ndi mamiligiramu 2,400 pa tsiku. Mlingo umene munthu wodzigulira yekha sayenera kupitirira ndi 1,200 pa tsiku, ndiye kuti mapiritsi atatu okha a 400, ndipo mlingo umenewu ndi wa munthu amene impso zake zili bwino. Bambo uja wawirikiza kawiri. Pa tsiku lachinayi mnansi wake, pomumvera chisoni, wam'patsa dikilofenaki wake wotsala, akuti ameneyu ndiye wamphamvu. Iye akuganiza kuti akumwa mankhwala awiri osiyana, koma kwa impso zake ndi katundu mmodzi amene wangowonjezeredwa.

Tsiku lachisanu watsekula m'mimba. Sakudya bwino, madzi akumwa ochepa poopa kuti aonjezera kutsekulako, koma mapiritsi onse akumwabe: a tensau pakuti anamuuza kuti asamadumphitse, a msana pakuti msana sunaleke. Patapita masiku awiri akuona kuti wakodza kamodzi kokha tsiku lonse, kamkodzo kochepa kodera. Kenaka wayamba mseru, chakudya sichikukoma, mapazi atupa moti nsapato sizikulowa, ndipo akagona chagada akubanika. Akumudzi ena ayamba kale kunong'ona kuti waponda mankhwala m'munda.

Sanaponde kanthu. Kuti timvetse chimene chachitika, tiyenera kuona mmene impso imagwirira ntchito.

Ngalande yolowa ndi ngalande yotuluka

Impso iliyonse ili ndi timasefa ting'onoting'ono pafupifupi miliyoni imodzi. Magazi amadutsa pa timasefa timeneti usana ndi usiku, ndipo pa tsiku limodzi impso ziwiri za munthu wamkulu zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180, ofanana ndi zigubu 9 za malita 20. Pafupifupi onsewo amabwezedwanso m'thupi, ndipo amene amatuluka ngati mkodzo ndi lita imodzi ndi theka chabe, atanyamula zonyansa za m'magazi.

Amene mumathirira madimba ndi ngalande mumvetsa msanga. Kasefa kalikonse kali ngati bedi lomwe lili ndi ngalande yobweretsa madzi ndi ina yotulutsa. Kuti madzi akhale okwanira pa bedipo, yolowayo iyenera kukhala yotsekuka bwino, ndipo yotulukayo yopanikizidwa pang'ono. Mtsinje ukadzaza, zimenezi zimachitika zokha. Koma mtsinje ukaphwa, monga pamene munthu watsekula m'mimba, wasanza, wataya thukuta lambiri kapena wataya magazi, impso imadziteteza m'njira ziwiri. Imapanga timadzi tina totchedwa pulositagilandini timene timakulitsa ngalande yolowa, ndipo thupi limapanganso timadzi tina timene timafinya ngalande yotuluka. Mwa njira imeneyi kusefa kumapitirira ngakhale madzi achepa.

Tsono pulositagilandini yemweyu ndi amenenso amachititsa kuti malo ovulala atupe, atenthe ndi kupweteka. Mu 1971 katswiri wina wa ku Ingalande, John Vane, anaonetsa kuti asipirini amathetsa ululu poletsa thupi kupanga timadzi timeneti, ndipo pa ntchito imeneyi analandira mphotho ya Nobel mu 1982. Ibupurofeni, dikilofenaki ndi indosidi amachita chimodzimodzi. Koma piritsi silidziwa kusankha. Silipita kumsana kokha. Limaletsa pulositagilandini kumsana, kuimpso ndi kuchifu komwe.

Onani tsopano zimene zinam'gwera bambo wa ku Tsangano. Kutsekula m'mimba ndi piritsi lokodzetsa zinaphwetsa mtsinje. Ibupurofeni ndi dikilofenaki anatseka ngalande yolowa. Enalapirilo, amene ntchito yake ndi kumasula mitsempha, anatsekula ngalande yotuluka. Pa bedi sipanatsale madzi, ndipo timasefa tinaima. Madokotala amawaopa kwambiri mankhwala atatu amenewa akakumana mwa munthu mmodzi. Wina asamve molakwa apa: enalapirilo ndi mnzake kaputopirilo ndi mankhwala abwino amene amateteza impso za odwala tensau ndi shuga kwa zaka zambiri. Wolowerera pa nkhaniyi ndi piritsi la pa msika lija.

Ku chipatala bambo wotere amam'tenga magazi kuti ayeze kireyatinina, chonyansa china chimene impso yabwino imataya mu mkodzo. Kwa munthu wamkulu wabwinobwino chiwerengero chake chimakhala pafupi ndi 1 pa muyeso wa mamiligiramu. Impso zikaima chimakwera kufika pa 3, pa 5 kapena kupitirira m'masiku ochepa. Chithandizo chake ndi kuimitsa mapiritsi onse a ululu aja, kupumitsa kaye a tensau awiriwo, kubwezera madzi mosamala ngati thupi lauma, ndi kuyeza mkodzo wotuluka tsiku ndi tsiku. Akafika msanga, kawirikawiri impso zimadzukanso patapita masiku kapena milungu ingapo, ngakhale kuti kwa amene zinali zofooka kale nthawi zina sizibwerera pomwe zinali. Akachedwa, mchere wa potaziyamu umachuluka m'magazi ndipo ungathe kuimitsa mtima, ndi madzi amadzaza m'mapapo. Pamenepo chimafunika ndi makina osefa magazi, ndipo makina amenewa sapezeka m'zipatala za m'maboma. Ali m'zipatala zazikulu zowerengeka monga ya ku Maputo, ndipo kutsidya ku Malawi ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Aliyense wa ife akudziwa kutalika kwa ulendo umenewo kwa munthu wochokera kuseri kwa Furankungo m'nyengo ya mvula.

Muyeso wosavuta kunyumba ndi uwu. Munthu wamkulu akakodza mkodzo wosafika theka la lita pa usana ndi usiku wonse, ameneyo apite ku chipatala tsiku lomwelo, atanyamula mapepala a mapiritsi onse amene wamwa, ogula pa msika ndi opatsidwa ndi anansi omwe. Ambiri amabisa a pa msika poopa kukalipiridwa, koma ndi amenewo amene namwino akufuna kuwaona.

Amene ali pa ngozi imeneyi si a tensau okha. Odwala shuga, okalamba opitirira zaka 65, odwala mtima amene amatupa miyendo, ndi amene chiwindi chawo chinauma n'kutupitsa mimba, onsewa impso zawo zimadalira pulositagilandini tsiku ndi tsiku. Amene akumwa mankhwala otalikitsa moyo akumbukire kuti piritsi limene ambiri amalandira lili ndi tenofoviri, amene mwa anthu ena amalemetsa impso, ndipo kumuphatikiza ndi dikilofenaki kapena ibupurofeni wa masiku ambiri kumakulitsa vutolo. Iwo asasiye mankhwala awo, koma afunse kaye ku chipatala asanagule a ululu. Mwana amene akutsekula m'mimba kapena kusanza, ngakhale atatentha thupi, asapatsidwe ibupurofeni. Chimodzimodzi munthu wa malungo aakulu, pakuti malungowo pa okha amavulaza impso. Ndipo mayi woyembekezera apewe banja lonseli, makamaka mimba ikadutsa miyezi isanu, chifukwa impso za mwana wosabadwayo nazonso zimakhudzidwa, pokhapokha ngati ndi asipirini wochepa amene adokotala amulembera pa chifukwa chake.

Anthu si okhawo amene anaphunzira izi mowawa. Ku India miimba inafa yambirimbiri m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2004 akatswiri anapeza kuti inkafa ndi impso itadya mitembo ya ng'ombe zimene zinabayidwa dikilofenaki. Mu 2006 boma la India linaletsa kupereka mankhwalawa kwa ziweto.

Chifu chimene chataya chofunda chake

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi ili m'mimba. M'chifu mwathu muli asidi waukali amene amagaya nyama ndi kupha tizilombo. Chimene chimaletsa asidiyo kugaya chifu chenichenicho ndi madzi onanda ngati therere amene amakuta khoma lake lonse lamkati, pamodzi ndi magazi amene amayenda bwino m'khomalo n'kumakonza pomwe pakalika. Amene amalamula kuti therere limeneli lipangidwe ndi pulositagilandini yemwe uja. Mukamuletsa, chofundacho chimapyapyala, asidi amafika pa mnofu, ndipo pamayamba kachilonda.

Anthu ambiri m'maiko athu ano ali kale ndi kachilombo ka m'chifu kotchedwa elikobakita, kamene kawirikawiri kamalowa munthu akali mwana. Madokotala awiri a ku Ositireliya, Barry Marshall ndi Robin Warren, ndi amene anaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti kachilomboka ndiko kamayambitsa zilonda zambiri za m'mimba, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2005. Kachilomboka ndi mapiritsi a banja la ibupurofeni ndizo zifukwa ziwiri zazikulu za zilondazi, ndipo zikakumana m'chifu chimodzi ngozi imakula. Tsabola ndi nkhawa, zimene timakonda kuziloza chala, zingathe kuonjezera kuwawa koma sizo zimene zimakumba chilondacho.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amakhulupirira koma n'zolakwa. Choyamba n'chakuti ukamwa piritsi utadya nsima ndiye kuti watetezeka. Kudya kumachepetsa kutentha pa mtima ndi mseru, ndipo n'koyenera, koma sikuletsa chilonda, pakuti mankhwalawo amafooketsa chifu kudzera m'magazi atalowa kale m'thupi. Chachiwiri n'chakuti jakisoni alibe vuto popeza sadutsa m'mimba. Jakisoni wa dikilofenaki, amene ena amabayitsa kwa anthu a m'midzi osaphunzira ntchitoyo, amafika ku chifu ndi ku impso kudzera m'magazi momwemo. Amene ali ndi ngozi yocheperako ndi mafuta opaka pa bondo kapena pa msana, chifukwa olowa m'magazi ndi ochepa.

Chimene chimapweteketsa ambiri ndi ichi. Mayi wa chilonda akamva kuwawa pa chifuwa cha m'munsi, pamwamba pa mchombo, amapita pa tebulo lomwe lija n'kugula mankhwala a ululu kuti athetse kuwawako. Piritsilo limaphimba ululu kwa maola angapo uku likukulitsa chilondacho. N'chifukwa chake ena, makamaka okalamba, samva chenjezo lililonse mpaka tsiku limene chilonda chafika pa mtsempha wa magazi. Mankhwala amenewa amachedwetsanso kuundana kwa magazi, makamaka asipirini, choncho pomwe payamba kutuluka sipaleka msanga.

Zizindikiro zake ziyenera kudziwika m'nyumba iliyonse. Chimbudzi chimada bii ngati phula, chimanyeta ndi kununkha fungo lachilendo, pakuti amenewo ndi magazi ogayika. Mapiritsi oonjezera magazi amene amayi amalandira ku sikelo nawonso amadetsa chimbudzi, koma icho sichinyeta ngati phula ndipo munthu safooka nacho. Masanzi angathe kukhala ndi magazi ofiira kapena nseche zakuda ngati za khofi. Munthu akaimirira amachita chizungulire, mtima umagunda mofulumira, zikhatho ndi mkati mwa zikope zimayera. Nthawi zina magazi amatuluka pang'onopang'ono kwa miyezi, ndipo munthu amangooneka wofooka ndi wopanda magazi popanda chifukwa chodziwika.

Choopsa koposa ndi pamene chilonda chaboola khoma lonse. Ululu wake umabwera mwadzidzidzi ngati walasidwa ndi mpeni, mimba imauma gwa ngati thabwa, ndipo wodwalayo safuna kugwedezeka ngakhale pang'ono. Ameneyo musam'patse phala, madzi kapena mankhwala a zitsamba, ndipo musadikire kuti kuche. Afunika chipatala chomwe amachita opaleshoni, ndipo ora lililonse lochedwa limachepetsa mwayi wake.

Ngozi ya kutaya magazi imakula kwa amene anadwalapo chilonda kale ngakhale chinapola, kwa okalamba, kwa akumwa kachasu ndi mowa wina waukali, kwa osuta fodya, ndi kwa amene akumwanso puredinizoloni kapena mankhwala osungunula magazi. Imakulanso ndi kuchuluka kwa mapiritsi ndi kutalika kwa masiku, ndiponso pophatikiza awiri a banja limodzi monga anachitira bambo uja. Pano mpofunika kusamala ndi mapiritsi a chimfine ndi a mutu ogulidwa m'timapaketi tokongola, chifukwa ena mwa iwo ali ndi asipirini kapena ibupurofeni mkati ngakhale dzina la pamwamba ndi lina. Wina amene amawerenga akuwerengereni timalemba ting'onoting'ono ta kuseri. A mbali ya Malawi amalembedwa m'Chingerezi, a mbali yathu m'Chipwitikizi, koma dzina la mankhwala enieniwo limaoneka lofanana m'zinenero zonse ziwiri.

Nanga msana ukapweteka?

Funso limeneli ndi lachilungamo, pakuti munda sudikira. Kwa munthu wa impso zofooka kapena wa chilonda, woyamba kuyesa ndi parasetamolo, amene pa mlingo woyenera savulaza chifu ndipo sachepetsa magazi opita ku impso. Munthu wamkulu amamwa mapiritsi awiri a mamiligiramu 500, n'kudikira maola 6 asanamwenso, ndipo asapitirire mapiritsi 8 pa usana ndi usiku. Malire amenewa si ongolankhula. Parasetamolo wochuluka amawononga chiwindi, ndipo zizindikiro zake zimachedwa kuoneka. Amene ndi wochepa thupi wosafika makilogiramu 50, wodwala chiwindi, kapena womwa mowa tsiku ndi tsiku, mlingo wake ndi wocheperapo ndipo aufunse ku chipatala. Kuthowa ndi madzi ofunda kumathandiza msana, ndipo kuyendayenda pang'ono kumauchiritsa msanga kuposa kugona pa mphasa masiku onse.

Pali odwala ena, monga a nyamakazi yotupitsa mfundo, amene parasetamolo sawakwanira. Kwa amenewa dokotala nthawi zina amalola ibupurofeni pa mlingo wochepa ndi kwa masiku owerengeka, n'kuonjezera omepurazolo wa mamiligiramu 20 tsiku lililonse kuti achepetse asidi. Koma omepurazolo amateteza chifu chokha, impso saziteteza. Ndipo amene adokotala anam'lembera asipirini wochepa wa tsiku ndi tsiku chifukwa cha mtima kapena kufa ziwalo asamusiye yekha atawerenga nkhaniyi. Akakambirane ndi amene anamulembera, makamaka ngati anadwalapo chilonda.

Chilonda cha m'mimba chimachira. Ngati chayamba ndi elikobakita, mankhwala ake ndi ophatikiza, kawirikawiri opha tizilombo a mitundu iwiri pamodzi ndi omepurazolo kwa masiku 14, ndipo ayenera kumalizidwa onse ngakhale kuwawa kutatha pa tsiku lachitatu. Kumwa mkaka kapena soda kumangoziziritsa kwa kanthawi.

Kwa inu amene mumalandira mapiritsi a tensau kapena a shuga, ulendo wotsatira mukapita kukalandira mufunse zinthu ziwiri. Choyamba, ngati angakuyezeni mkodzo ndi kireyatinina, chifukwa odwala matenda amenewa ayenera kuyezedwa impso kamodzi pa chaka, ndipo ngati pa chipatala chaching'onocho palibe zoyezera angathe kukutumizani ku chipatala cha boma. Chachiwiri, mufunse zoyenera kuchita ndi mapiritsi anu pa tsiku limene mwatsekula m'mimba kapena mukusanza kwambiri, pakuti nthawi zambiri okodzetsa ndi enalapirilo amapumitsidwa kwa tsiku limodzi kapena awiri kufikira mutayambanso kudya ndi kumwa bwino. Namwino akakuuzani, mum'pemphe kuti alembe pa khadi lanu lomwelo.